Theka la dzira: zimene ndaphunzira pochepetsa muyeso wa mabisiketi ndi tikeke

Pa maphunziro a kuphika makeke amene ndikuchita panopa tinafika pa mutu wochepetsa muyeso wa zophika. Fulawa, shuga, majarini ndi mkaka sizivuta, umangogawa pawiri. Vuto limabwera pamene buku lanena kuti dzira limodzi, iwe n'kumafuna theka la zonse. Anzanga ambiri amangoswera lonse, amati kadzira kamodzi sikangaononge kanthu. Ine ndaona kuti nthawi zina amanena zoona, nthawi zina ayi, ndipo pali njira yodziwiratu usanayatse uvuni.

Choyamba ndi kudziwa kuti dzira limene buku likunena ndi lalikulu bwanji. Mabuku a ku America akati dzira lalikulu amatanthauza la magalamu pafupifupi 57 ndi chigoba chomwe, ndipo ukaliswa zam'kati zimakhala pafupifupi magalamu 50. Mwa magalamu amenewa, chikasu chimatenga 17 kapena 18, otsalawo ndi zoyera zija. Theka la dzira ndiye ndi magalamu 25, kapena supuni yaikulu imodzi ndi theka n'kupitirirako pang'ono, tikamanena supuni yoyezera ya mamililita 15, osati yodyera phala.

Kagawidwe kake n'kosavuta koma kamafuna kudekha. Umaswera dzira m'kapu, n'kulimenya ndi foloko mpaka chikasu ndi zoyera zisakanikirane, osaonekanso mizere. Apa m'pamene pamagona nkhani, chifukwa zoyera za dzira zimagwirana ngati therere: ukalimenya mwachidule n'kupendeketsa kapu, zimatsetsereka zonse pakamodzi, chikasu n'kutsalira. Ukathira kamchere pang'ono kochokera pa muyeso wa mchere wa m'bukumo, zoyerazo zimamasuka ndipo zimathirika bwino. Ngati pali sikelo ya magetsi, umaika mbale yopanda kanthu, n'kudina batani la TARE kuti iwerenge 0, kenako umathira pang'onopang'ono mpaka iwerenge magalamu 25. Popanda sikelo, umatapa ndi supuni mosinthanasinthana m'makapu awiri mpaka lithe.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi funso lakuti, nanga ndikathira lonse chichitike n'chiyani? Yankho lili m'madzi. Pa magawo anayi a dzira, atatu ndi madzi. Theka loonjezera lija la magalamu 25 limabweretsa madzi okwana magalamu 19, pamodzi ndi mapuloteni amene amalimba akapsa. Tsono funso lenileni n'lakuti madzi 19 amenewa akukalowa pamene pali kale madzi ochuluka bwanji.

Tiyese ndi tikeke ta m'timapepala. Muyeso wonse ndi fulawa magalamu 250, shuga 100, mafuta ophikira mamililita 60, mkaka mamililita 240, pauda wofufumitsa masupuni aang'ono awiri, ndi dzira limodzi. Ukagawa pawiri, mkaka umakhala 120. Tikawerengera mkakawo ngati madzi, n'kuphatikiza 19 a theka la dzira, tikupeza pafupifupi 139. Ukathira dzira lonse zimafika 158. Kusiyanako n'kochepa, sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri. Tikeketo timatuluka totanuka pang'ono, tachikasu kuposa masiku onse, koma mwana wa sukulu sangadandaule. Ndiponso pali pothawira: umachotsako mkaka supuni yaikulu imodzi ndi theka, zinthu n'kubwerera pafupi ndi pomwe zinayenera kukhala. Zikondamoyo zothira mkaka wambiri nazonso zimapirira chimodzimodzi.

Mabisiketi ndi nkhani ina. Tinene kuti buku lati fulawa magalamu 250, majarini 125, shuga 100, dzira limodzi, popanda mkaka ngakhale dontho. Pa theka, majarini ndi magalamu 62 kapena 63, ndipo madzi a m'majarini olimba ophikira makeke sapitirira gawo limodzi mwa asanu, tingoti magalamu 11. Kuphatikiza 19 a theka la dzira, madzi onse ndi 30. Thira dzira lonse, afika 49. Apa madzi achuluka ndi kupitirira theka la amene amafunika, ndipo palibe mkaka woti uchotseko. Zizindikiro zimaoneka msanga: zokandazo zimamata m'manja ndi pa thebulo, sizilola kuduladula, ndipo zikapsa zimafufuma pakati n'kukhala zofewa ngati keke m'malo mothetheka pozitafuna. Munthu akaona kumatako amathamangira kuonjeza fulawa, koma akatero shuga ndi majarini zimachepa poyerekeza ndi fulawayo, bisiketi n'kutuluka youma, yosakoma. Pa mabisiketi ine sindinyengerera, ndimayeza magalamu 25.

Pali ena amene safuna zomenya dzira, amangosankha chikasu chokha kapena zoyera zokha. Njirayi si yoipa, bola kudziwa kuti si theka la dzira ayi, ndi chinthu china. Chikasu pafupifupi theka lake ndi madzi, gawo limodzi mwa atatu ndi mafuta, ndipo chili ndi mphamvu yogwirizanitsa mafuta ndi madzi kuti zisalekane. Bisiketi ya chikasu chokha imakhala yofewa, yonona, yosavuta kunyenyeka, ndipo pa mabisiketi a majarini ambiri ine ndimaikonda kuposa ya theka lenileni. Popeza chikasu chimabweretsa madzi magalamu 9 okha m'malo mwa 19, zokandazo zikamasweka ndimathirako mkaka masupuni aang'ono awiri. Zoyera zokha ndiye pafupifupi zonse ndi madzi ndi mapuloteni, mafuta mulibe. Zimalimbitsa ndi kuumitsa, choncho keke ya zoyera zokha imatuwa ndipo simachedwa kuuma ikagona. Sindingazisankhe pokhapokha chikasucho chili ndi ntchito ina.

Kwathu kuno tili ndi mwayi wina umene mabuku akunja sautchula. Mazira a nkhuku zachikuda amakhala aang'ono kuposa a nkhuku za mazira za m'mafamu, moti kadzira ka msoti wongoyamba kumene kuikira kamayandikira theka limene tikufunalo. Pa tikeke ta mkaka kangathe kulowa konse, osachotsako kanthu. Mazira a zinziri ndi abwino koposa: asanu amafanana ndi dzira limodzi la nkhuku, ndiye awiri aakulu kapena atatu aang'ono akwanira. Koma mwayi womwewu uli ndi mbali yake ina. Ukatenga dzira lachikuda laling'ono n'kuligawanso pawiri chifukwa buku latero, uthira lochepa kwambiri, ndipo keke imanyenyeka poidula. Chofunika ndi magalamu 25, osati theka la dzira lililonse limene lapezeka m'chisa.

Theka lotsala lija lisatayidwe, mazira adula. Ukaphika masikono kapena buledi tsiku lomwelo, umalisakaniza ndi mkaka pang'ono n'kupaka pamwamba kuti apse mofiirira ndi kuwala. Mu furiji, litavindikiridwa bwino, likhoza kudikira mpaka mawa kapena mkuja, koma dzira loswa silichedwa kuonongeka, ndiye ngati magetsi akuzimazima kapena furiji palibe, ndi bwino kulikazinga nthawi yomweyo.

Chinanso chimene chimanamizira dzira mlandu ndi thini. Ukachepetsa muyeso koma n'kuphikira m'thini yomwe ija ya masentimita 20, keke imakhala yopyapyala, imapsa msanga n'kuuma, ndipo munthu amaganiza kuti dzira linachepa. Theka la muyeso wa thini yozungulira ya masentimita 20 limafuna thini ya masentimita 14 kapena 15, osati 10, ndipo ndi bwino kuyamba kubaya ndi kamtengo nthawi ya m'buku isanakwane.