Tebulo linandinamiza: 10^n ndi n!

Masana kuno ku Nchalo dzuwa silikulola kuwerenga, ndiye masamu ndikumachita m'mamawa pakhonde, mathirakitala a nzimbe asanayambe phokoso. Sabata ino ndimalimbana ndi funso losanja ln n, n^2, 10^n ndi n! kuyambira yokula pang'onopang'ono mpaka yokula mofulumira.

Ndinalemba tebulo mukope kufika pa n = 10. Pamenepo 10! ndi 3,628,800 basi, pomwe 10^10 ndi 10,000,000,000. Mosakayika ndinaika 10^n pamwamba, ndipo ndinalakwa. Pa n = 24 n! akadali m'mbuyo, koma pa n = 25 wadutsa, ndipo sabwereranso. Tebulo langa linathera panjira nkhani isanayambe n'komwe.

Chimene chinanditsegula maso n'kugawa. Tengani 10^n / n! muone chimene chimachitika n ikakwera ndi 1. Pamwamba mukuchulukitsa ndi 10 nthawi zonse, koma pansi mukuchulukitsa ndi n + 1, nambala yomwe ikukulirakulira. Choncho sitepe iliyonse zotsatira zikuchulukitsidwa ndi 10/(n + 1). Pamene n ili yochepera 9, nambala imeneyi imaposa 1, n'chifukwa chake 10^n ankaoneka ngati ngwazi. Koma kuyambira pa n = 19 siposa theka. Chinthu chimene ukuchidula pakati sitepe iliyonse, ngakhale chitayamba chachikulu bwanji, chimathera ku ziro. Apa m'pamene timalemba 10^n = o(n!), ndi o wamng'ono. Mukaika 100 kapena 1,000 m'malo mwa 10, n! angochedwa kudutsa, koma adutsa ndithu.

O wamkulu ndinkamusokoneza ndi mng'ono wakeyu kwa nthawi yaitali. Iye safuna kuti kugawako kuthere ku ziro, amangofuna kuti kusapitirire nambala ina yokhazikika. Mwachitsanzo 3n^2 + 5n saposa 8n^2 kuyambira pa n = 1, ndiye ndi O(n^2). Koma si o(n^2) ayi, chifukwa mukagawa ndi n^2 zimayandikira 3, osati ziro. 3n^2 + 5n ndi n^2 zikuyendera limodzi, palibe wasiya mnzake. Chilichonse chomwe ndi o chimakhalanso O, koma kubwerera m'mbuyo sizitheka nthawi zonse.

Zotsalazo zinayenda msanga. Pa n^2 / 10^n, sitepe iliyonse imachulukitsa ndi nambala yoyandikira 1/10. Za ln n ndinazikonda kwambiri: popeza ln n = 2 ln √n, ndipo ln x ndi yochepera x, ndiye ln n ndi yochepera 2√n. Kugawa ndi n kukusiya chinthu chochepera 2/√n, chomwe chikupita ku ziro, ndipo kugawa ndi n^2 ndiye kuposa apo.

Mukope ndafufuta yankho loyamba lija n'kulemba ln n, kenako n^2, kenako 10^n, pamwamba n!. Mawa ndiyesa n! ndi n^n pogwiritsa ntchito njira yomweyi.