Kompuresa ya injini ikatsamwa: mmene tinavutikira kuti ndege inyamukenso ku Lumbadzi

Ndege ija yapita tsopano, ndiye ndilembe mtima usanazizire, kuti anzanga okonza ndege musadzaonenso zimene ndaona ine. Inali Boeing 737 ya injini za CFM56-7B. Itangotukula mawilo pa bwalo la Kamuzu, mbalame inalowa mu injini yakumanja. Anzathu amene anali pansi anamva phuu! phuu! ngati mfuti, malawi akulavulidwa kumbuyo. Enatu anayamba kale kuimbira abale kuti ndege yapsa. Sinapse ayi. Kompuresa ndiyo inatsamwa.

Kompuresa ndi mizere ya mabuledi ozungulira, kusinthana ndi mizere ya mabuledi oima, ndipo ntchito yake ndi kupanikiza mpweya usanafike m'chipinda choyakira mafuta. Pa injini imeneyi chigawo champhamvu chili ndi mizere 9. Buledi iliyonse ndi kaphiko kakang'ono, ndipo kamafuna kuti mpweya uzikamenya mopendekeka bwino. Buledi ikapindika, kapena mpweya ukalowa mosokonekera, mpweyawo umasiya kutsata msana wa buledi, mzere umenewo n'kuleka kukankha. Pamenepo mpweya wopanikizika wakumbuyo umapeza mpata, n'kubwerera kutsogolo mwamphamvu. Ndiko kuphulika kuja. Injini imayambanso kukoka, kupanikiza, kutsamwanso, n'chifukwa chake phokoso limabwerezabwereza. Malawi aja ndi mafuta amene akupitirizabe kuthiridwa pomwe mpweya wachepa, ndiye amakayakira kunja.

Phokosolo lisakuopseni kwambiri. Choopsa chenicheni ndi kutentha. Mpweya ukachepa koma mafuta akulowabe, EGT, kutentha kwa mpweya wotuluka kumbuyo kwa injini, imakwera msangamsanga, ndipo malire ake ponyamuka pa injini iyi ndi madigiri 950. Choncho ndege ikangoima, musalole oyendetsa atsike musanalembe nambala yapamwamba imene EGT inafika ndi masekondi amene inakhala pamenepo. Ntchito yonse yotsatira yagona pa ziwiri zimenezi.

Akaputeni athu anali madala ofatsa. Ndinawafunsa kuti, “Bwana, munaona chiyani kaye?” Iwo akuti, “Achimwene, ndege inakokera kumanja, N1, liwiro la mabuledi akutsogolo, ikuvina, EGT ikukwera. Koma sindinakhudze kanthu mpaka titakwera bwino.” Ndi mmene amaphunzitsidwira. Ukapitirira V1, liwiro lomaliza limene ungaimitsire ndege pothamangira kunyamuka, sumaimanso, umanyamuka basi, phazi pa chiwongolero chakumchira kuti ndege isakhote, n'kukweza mawilo. Atafika pamwamba potetezeka anatsata ndondomeko imene m'buku mwawo imalembedwa kuti Engine Limit or Surge or Stall. Anazimitsa kachipangizo koongolera moto pakokha, anagwirizana awiriwo kuti yovuta ndi yakumanja, ndiye n'kubweza liva ya moto pang'onopang'ono mpaka kuphulika kunaleka, EGT n'kutsika. Injini sanaithimitse. Anaisiya ikuyenda pa moto wochepa, chifukwa injini yofooka imathandizabe magetsi ndi hayidiloliki. Ikanapitiriza kutsamwa liva ili pansi penipeni, apo ndiye akanaithimitsa.

Kugwirizana kwa awiriko si mwambo chabe. Mu Januwale 1989 ku Kegworth, ku Mangalande, injini yakumanzere ya Boeing 737-400 inathyoka buledi yakutsogolo n'kuyamba kutsamwa, oyendetsa n'kuthimitsa yakumanja yabwinobwino. Anthu 47 anafa.

Tsono kumbali yathu. Tinayamba ndi kuona kutsogolo ndi tochi. Mabuledi akuluakulu akutsogolo alipo 24, ndipo awiri anali atapindika kunsonga, magazi ndi nthenga zitamatirira. Funso lalikulu ndi lakuti mbalameyo yadutsa kunja kapena yalowa mkati mwenimweni mwa injini. Ogwira ntchito m'ndege anatiuza kuti munamveka fungo la nyama yowauka, ndipo popeza mpweya wa apaulendo umatengedwa mu kompuresa, tinadziwiratu kuti yalowa mkati. Zikatero palibe kuchitira mwina, pamafunika bolosikopu, kamera kakang'ono ka pansonga ya chingwe kamene timalowetsa pa timabowo ta m'mbali mwa injini.

Apa ndiye panayambira misozi. Kamerayo inachokera kunja pa ndege yotsatira, n'kufika bwinobwino. Koma ejenti amene anapatsidwa ntchito yoitulutsa analemba pepala ngati katundu wogulitsa, pomwe ndi chida chobwereka chimene chibwererenso kwawo. Nambala ya chidacho sanailembenso. Ndinapita ku ofesi yake m'tauni m'mawa, akuti abwana apita kumaliro. Masana akuti netiweki yagwa. Dzuwa likupendeka akuti, “Akulu, mubwere mawa, koma pali ndalama yosungira katundu.” Yosungira! Bokosi ndikuliona ndi maso anga kuseri kwa waya, lolakwa ndi pepala lawo, koma olipira ndife. Tsiku lathunthu linathera pa msewu wa Lumbadzi ndi Kanengo, ndege ili njo, apaulendo ali kuhotela. Musanaitanitse chida, muuzeni ejenti kuti n'cholowa kwa kanthawi, ndipo pepalalo muliwerenge nokha lisanapite.

Ndayiwala kunena kuti 737 ilibe njira yotayira mafuta m'mwamba, ndiye pobwerera ku Lumbadzi inatera ili yolemera kuposa muyezo woterera. Zimenezo zili ndi kuyendera kwakekwake kwa miyendo ndi mabuleki, ndipo tinachita podikira kamera ija.

Tinafunsanso kompyuta ya injini, EEC, kudzera pa CDU, kasikirini ka mabatani ka m'chipinda cha oyendetsa, ngati inasunga vuto lililonse. Chifukwa chake n'chakuti si kutsamwa konse kumabwera ndi mbalame. EEC ndiyo imatembenuza mabuledi oima a mizere yoyambirira, otchedwa VSV, kuti mpweya uzimenya bwino pa liwiro lililonse. Imatsegulanso zitseko za VBV kuti mpweya wochuluka utayikire kunja injini ikamayenda pang'ono kapena ikamatsika moto mofulumira, ndipo salola mafuta kuthiridwa mopupuluma ngakhale wina akankhe liva mwankhanza. Moto ukazima imayatsa yokha mapulagi. Chimodzi mwa izi chikalakwika, injini imatsamwa kumwamba kuli mbee, popanda mbalame. Koma dziwani kuti pa ndege iyi, ili m'mwamba, EEC siteteza EGT kuti isadutse malire. Imeneyo ndi ntchito ya maso a woyendetsa. Kwa ife simunapezeke vuto, ndiye tinatsala ndi mbalame yokha.

Kamera itatuluka, mnzanga ankapukusa N2, shafiti yozunguza chigawo champhamvu cha kompuresa, ndi dzanja pa giyabokosi, ine maso pa sikirini, buledi imodziimodzi, mzere ndi mzere, khosi mpaka kuuma. Tinapeza timabala ting'onoting'ono pa mizere yakutsogolo, tonse m'kati mwa muyezo wa m'buku. Tinasuzumiranso m'chipinda choyakira, osapeza chodetsa nkhawa. Pano ndi pomwe nambala ija inatipulumutsa: EGT inayandikira 950 koma sinadutse, ndipo zimene akaputeni analemba zinagwirizana ndi zimene ndege inasunga. Ikanadutsa, buku likanatituma kukafufuza mozama mabuledi a tebaini, akumbuyo amene amazunguzidwa ndi mpweya wotentha, ndipo ikapitirira kwambiri kapena kwa nthawi yaitali injini imatsitsidwa ndithu. Ndibwerezenso, lembani EGT ndi masekondi ake akaputeni asanakwere basi.

Mabuledi opindika aja tinasintha, ndipo posintha mumayang'ana kulemera kwa buledi yoyang'anizana nayo, apo ayi injini idzanjenjemera. Kenako tinakokera ndege kumalo oyeserako, mphuno kuloza kumene kukuchokera mphepo, chifukwa mphepo yam'mbali payokha imatha kutsamwitsa injini ndege itaima. Tinakweza moto pang'onopang'ono mpaka pamwamba, kutsitsa, kukwezanso. Sinaphulike, kunjenjemera kuli m'malire, ndiye ndinasaina buku. Ndalama yosungira ija tinalipirabe, ndipo lisiti yake sinatulukebe.