Tinakakwerera ndege ku Lusaka m'malo mwa Lilongwe

Ine ndi mkazi wanga tinkapita ku Dubai kukaoda katundu wa shopu. Kunyamukira pabwalo la ndege la Kamuzu, kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, tikiti inkadula madola 280 kuposa yonyamukira pabwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka, komwe kumatera ndege za Emirates ndi Qatar. Mtima unalumpha, koma ndinayamba ndatenga kope ndi cholembera.

Lusaka si pafupi. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 700: Mchinji, chipata cha Mwami, Chipata, kenako msewu wa Great East kudutsa Katete, Petauke ndi mlatho wa Luangwa. Ndi tsiku lathunthu uli pampando. Choncho basi ya tsiku lomwelo la ndege ndinaikana. Tayala likaphulika ku Nyimba ndege sikudikira, ndipo ukaphonya ulendo wopita, nthawi zambiri tikiti yobwerera nayo imafa.

Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza: amawerengera basi yopita yokha. Ine ndinalemba zonse kawiri. Basi, madola 60 munthu mmodzi kupita ndi kubwera. Zikwama zikuluzikulu, chifukwa akondakitala amazilipiritsa padera, 10. Chipinda chogona masiku awiri, lina popita lina pobwera, 70. Matakisi a pakati pa depoti ya Intercity, kogona ndi bwalo la ndege, lomwe lili kunja kwa tauni, 50. Chakudya cha m'njira, 20. Zonse pamodzi 210. Ndikanakhala ndekha, bwenzi nditapulumutsa madola 70 okha, pamtengo wa masiku awiri otseka shopu. Sindikanapita.

Koma tinali awiri. Chipinda ndi chimodzi, takisi ndi imodzi. Basi, zikwama ndi chakudya zokha ndi zimene zinawirikiza, ndipo zonse zinafika 300, pamene pamatikiti awiri tinapulumutsa 560. Zotsala m'thumba 260. Pamenepo ndinagula.

Ndisanalipire ndinafunsanso kuti mtengo wotsikawo ukulola makilogalamu angati, poti ife timabwerera titalemedwa, ndipo tikiti yotchipa yokhala ndi katundu wochepa imakubweza pomwepo. Pamalire sipanavute: pasipoti ya Malawi sifuna viza ku Zambia, anangotidindira. Makwacha a Zambia ndinasinthiratu ku Chipata, oti akwane takisi ndi chakudya.

Chimene sindinachilembe m'kope muja ndi ulendo wobwerera. Tinatera titatopa, n'kugona, n'kudzuka kusanache kukagwira basi, zikwama zinayi tikukoka. Pa Mchinji tinatsitsa zonse kuti aone za msonkho, ndipo tinalowa mu Lilongwe kutada, n'kulipiranso takisi yomwe sinali m'masamu anga: madola ena 15.