K50 yanga inanditayitsa Lolemba lonse

Loweruka masana mpira utatsala pang'ono kuyamba, ndinali pa Kapata ku Chipata ndi K200 mu foni. Ndinati ndiike K50 yokha mu akaunti yobetchera. Njira yake ndi yachidule: udina Deposit, ulemba ndalama, kenako pafoni pamatulukira kauthenga kofuna PIN. Tsiku limenelo kauthengako sikanabwere. Ndinadinanso. Zii. Ndinadina kachitatu uku ndikutukwana netiweki.

Kenako mauthengawo anayamba kufika motsatizana. Ine poganiza kuti PIN sikulowa, ndinailemba katatu konse. Kauthenga kalikonse ndi malipiro pakokha, abale. Mu foni munachoka K150, koma mu akaunti munafika K100. K50 ina inasowera m'njira.

Chimene chikundipwetekabe mpaka lero ndi Lolemba lake. Ndinayambira pa buthi pamene ndimaikira ndalama, mnyamata wa pamenepo n'kundiuza kuti iye ntchito yake ndi kuika ndi kutapa basi. Ndinakwera njinga kupita ku ofesi ya kampani ya foni m'tauni. Mzere kufika panja, dzuwa lili pamutu. Nditafika kutsogolo patapita maola awiri, anati kwa iwo ndalama inatuluka bwinobwino, ndikafunse a kubetcha. A kubetcha nawo akuti tipatseni Transaction ID. Nambala imeneyi imakhala mu meseji imene imabwera ndalama ikachoka, ndipo ine mameseji onse atatu ndinali nditafufuta Loweruka usiku kuopa kuti amayi a kunyumba angaone. Musamafufute meseji. Ndinabwereranso pa mzere uja kukapempha ndandanda wa malipiro anga, mwayi reji inali m'thumba, apo ayi sakanandipatsa. Njinga zokha zinadya K30, pofunafuna K50, ndipo pa shopu yanga sindinatsegule tsiku lonse.

Ndaiwala kunena: nambala imene mukulipirira ikhale yomweyo munalembetsera akaunti, ndipo ikhale m'dzina lanu. Pa kampani imene ndimabetchera, nambala ya foni ndiyo dzina la akaunti, choncho mukalipira pa *115# ndi simu ya mlamu wanu, ndalama ikhoza kupita ku nambala ya mlamuyo.

Mtsikana amene anandithandiza ku shopu yobetchera ndiye ananditsegula maso. Ataona ndandanda uja anati, “Atate, mukanaika malire, yachitatuyi sikanadutsa.” Anandionetsa pa foni yanga yomwe: pansi pa akaunti pali Responsible Gaming, m'kati mwake Deposit Limit, ndiye usankha Daily, Weekly kapena Monthly. Chaka chonse ndikubetcha sindinadinepo pamenepo. Ndinasankha Weekly n'kulemba 100, chifukwa K100 ndi imene ndingataye pa sabata popanda ndiwo kusowa pakhomo. Pa mwezi ndi K400, ndipo kuiona italembedwa choncho inandichititsa manyazi pang'ono.

Kutsitsa malirewo kumagwira nthawi yomweyo, koma kukweza amakudikiritsa, kwa ine maola 24. Ndinayesa dala Lamlungu lina timu yanga itandigwetsa. Pofika mawa lake mtima unali utazizira, ndipo ndinasiya pa 100 pomwepo.

Funsani kuti sabata amaiwerenga bwanji. Ine ndinkayesa imayamba Lolemba, koma kampani imene ndimabetchera imawerenga masiku 7 kubwerera m'mbuyo. Ndinaika K60 Loweruka ndi K40 Lamlungu, Lolemba ndikuti sabata yatsopano, anandikana. K60 ija inamasuka Loweruka lotsatira, K40 Lamlungu.

Malirewa amawerenga zimene mwaika kuchokera mu foni zokha. Mukawina K300 n'kuisiya mu akaunti, mutha kuibetcha yonse usiku umodzi, palibe chokuletsani. N'chifukwa chake ndikawina ndimadina Withdraw pompo, ibwerere ku foni. Komanso malire a kampani imodzi sadziwa za kampani ina. Ndinali ndi akaunti yachiwiri imene mnzanga wa ku Mchini ananditsegulitsa chifukwa cha bonasi, ndinaitseka, popeza ikanakhala khomo la kuseri.

K50 ija inalowa mu akaunti Lachitatu madzulo, nditatumiza Transaction ID kawiri. Meseji yake ndikadali nayo, ndipo amayi a kunyumba anaiona kale.