Mmene ndinachotsera banga la simbi pa shati yanga yoyera

Foni inalira ndikusita, ndiye pobwerako ndapeza simbi yadinda chibanga chabulauni pafupi ndi thumba la shati, mphuno yake yonse kuonekeratu. Shati yake yoyera, ya kotoni yeniyeni.

Ndisanathire chilichonse ndinayamba ndakanda pamalopo ndi chikhadabo, kenako nkuitembenuza kuona kuseri. Ichi musadumphe. Ngati banga ndi lachikasu kapena bulauni wopepuka, nsalu ikadali yofewa ndipo kuseri sikukuoneka kwenikweni, ndiye kuti yangowauka pamwamba, imatheka. Koma pakada bii, pakuuma gwa, ulusi ukuyoyoka mukakanda, basi yapsa imeneyo, palibe mankhwala obwezeretsa ulusi wopsa. Yanga inali yongowauka.

Ndinatenga haidrojeni perokisaidi wa 3%, uja wotsukira mabala wa m'kabotolo kabulauni. Botolo limakhala lakuda dala chifukwa kuwala kumamupha mphamvu, ndipo amene anatsegulidwa kalekale amangosanduka madzi, musavutike naye. Ndinadontheza kaye pang'ono mkati mwa mpendero kuti ndione ngati nsalu isinthe, makamaka shati ikakhala yamtundu apa mpofunika zedi chifukwa imatha kusuluka, banga loyera nkulowa mmalo mwa labulauni.

Kenako ndinayala thaulo lakale loyera kunsi kwa banga, nkunyowetsa kansalu koyera ndi perokisaidi, kukaika pamwamba pa banga, pamwamba pakenso kansalu kena kouma. Simbi ndinaitsitsa kuti ingokhala yofunda, osati moto uja unandilakwitsa, ndiye ndimangodinda pang'ono nkukweza, kudinda nkukweza. Simbi isakhudze shati yonyowa ndi mankhwalayo mwachindunji ayi. Ulendo woyamba ndinakhumudwa, zimangooneka ngati palibe chasintha, koma wachitatu bulauni uja anali atasanduka chikasu chapatalipatali.

Chotsalacho ndinasiyira dzuwa. Ndinatsukuluza ndi madzi ozizira, kupaka kasopo pang'ono pabangapo nkuiyala chagada padzuwa, banga kuyang'ana kumwamba. Chinsinsi chake isaume, dzuwa limayeretsa bwino nsalu ikakhala yonyowa, ndiye ikayamba kuuma ndimawaza madzi. Zinanditengera maola ngati atatu. Amene mulibe perokisaidi dzuwa lokhali limagwira pa banga lopepuka, kungoti limachedwa, mwina mubwereze mawa lake.

Bulichi wa kulorini sindinayerekeze, amafooketsa ulusi umene wavulala kale, komanso sasakanizidwa ndi perokisaidi, olo viniga osaphatikiza.

Nditaichapa yonse bwinobwino ndinadikira iume kaye ndisanasitenso, chifukwa ikanyowa imanamiza, banga limabisala. Panatsala kamthunzi koti uchite kuyang'anitsitsa pawindo ndiye ukaone. Pansi pa simbi napo ndinapeza zomata zabulauni, ndinapukuta itazizira ndisanaiyandikizenso ku shati.