Thelere linandilipitsa tambala

Nkhani yonse inayamba ndi thelere basi. Lachitatu madzulo madamu aphika thelere lobala la soda, nsima ya ufa woyera, ine kungomeza nthongo yoyamba pakamwa panga pandiyabwa, ndati "likukoma, koma la amayi kumudzi lija la chidulo limanyololoka mwa mtundu wina." Sanayankhe. Anangotenga chivindikiro n'kuvindikira ndiwo ine dzanja lili m'mwamba, kenako amvekere "pokwerera basi za ku Dedza mukupadziwa." Usiku pakati pa bedi panagona pilo. M'mawa madzi osamba ozizira, mwezi wa Juni, ku Chilomoni kuli chiperoni, ndinasamba ndikulumpha ngati chule.

Ku ntchito ndinayamba ndi zachizolowezi, "mwaswera bwanji mayi a Tadala", timizere tiwiri tasanduka tabuluu, zii. Ndatumizanso "mwadya?" Yankho linabwera mawu amodzi okha: "Chidulo."

Pali mdala wina timagwira naye ntchito, zaka 30 ali pa banja, anawerenga n'kuseka mpaka kutsokomola. Akuti mwana iwe munthu amene wakuyankha chonchi mkwiyo wayamba kuphwa, akufuna umuseketse, koma nthabwalayo ikulume iweyo osati iyeyo. Amayi ako usawatchulenso ngakhale mowanyoza. Ndipo "pepani koma" si kupepesa, ndi ndewu gawo lachiwiri. Lonjeza kanthu kogwirika.

Ndiye cha m'ma 2 koloko ndinazemba kupita kuseri kwa ofesi, ndakonza kukhosi, ndajambula uthenga wa mawu ngati nyakwawa pa bwalo la milandu. Ndinati: "Bwalo likhale chete! Woimbidwa mlandu, mwamuna wa aNabanda, wavomera kuti lilime lake linaterereka kuposa thelere lenilenilo. Bwalo lapeza kuti thelere la aNabanda ndi nambala wani kuchokera ku Chilomoni mpaka ku Nsanje. Wolakwa alipa tambala mmodzi, akwecha mapoto sabata yathunthu, ndipo akupempha modzichepetsa kuti pilo amene waikidwa pakati ngati malire a dziko achotsedwe lero lomwe poti kunja kukuzizira." Kumapeto ndinaikanso ka "mwaaa" kotalika, kamene mpaka lero kamandiwawa ndikakakumbukira.

Chimene ndinaiwala n'chakuti Lachinayi 2 koloko ndi tsiku la banki m'khonde, ndipo sabata imeneyo amakumana pakhonde pathu. Azimayi 18. Foni ya madamu inali yolumikizidwa ku kasipika kabulutufu kaja poti amayamba ndi nyimbo ya kwaya asanatsegule bokosi la ndalama. Iwo poona uthenga anangodina osaganiza.

Patapita mphindi zisanu foni yanga njenjenje, uthenga wa mawu. Ine kumwetulira kuti zatheka. Kutsegula, nthungululu zokhazokha, wina akuseka mpaka kutsamwa, wina kumbuyo akubwereza "mwaaa", kenako mawu a amayi a tcheya: "Bambo a Tadala bwalo lamva. Tambalayo akhale wa lokolo, osati zoyera zija za masabata sikisi. Alembi alemba kale m'buku." Mwa azimayi 18 aja munalinso akazi awo a ankhoswe athu, ndiye poti tikanire panalibe.

Ine tambala ndinangomutchula kuti mawu amveke bwino, m'thumba munali K20,000 ya mayunitsi a magetsi. Poweruka ndinadzera pamsika, wogulitsa ataona mmene ndikuthamangira anakwezeratu mtengo, tinakanganakangana mpaka K18,000, ndinatsala ndi ya minibasi yokha. M'minibasimo chitambala chili pamiyendo, miyendo yake yomanga ndi luzi, tisanafike ndi pa siteji pomwe chinandisiyira chizindikiro chofunda pa thalauzi la ku ntchito. Kondakitala amvekere "bwana, mwalakwa chani kunyumba?" Sindikudziwa anaona bwanji.

Ndimaganiza kuti ndipeza anthu abalalika. Ayi ndithu, theka anatsalira dala, ati akuwerengabe ndalama za chindapusa cha ochedwa. Ndinalowa pageti tambala kukhwapa, azimayi kuimirira n'kuwomba m'manja mwaulemu ngati kwabwera mfumu, amayi a tcheya anamunyamula kuyesa kulemera kwake n'kunena kuti ndi wowonda koma bwalo lalandira. Madamu ali pakhomo abisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

Usiku umenewo ndiwo zinali thelere lomwe lija la soda. Anandiyang'anitsitsa n'kufunsa "nanga leroli likunyololoka bwanji bambo a Tadala?" Ine ndinadzaza nthongo ziwiri m'kamwa n'kungokweza chala chachikulu. Pilo anabwerera kumutu.

Lero ndi tsiku lachinayi la mapoto, ana a m'dera lathu akundiitana kuti a Nyakwawa, ndipo tambala uja madamu akana kumupha ati ndi umboni wa mlandu. Amalira 4 koloko m'mawa, pansi pa windo la mbali yanga.