Maberingi atatu okha: mmene tinaphunzirira kuwerenga ngozi za makina

Bizinesi yathu inayamba ndi sikuludiraiva. Ndinagwira ntchito ya umakaniki m'mafakitale a ku Limbe zaka zambiri, ndipo mdala amene anandiphunzitsa ankagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa mota, chogwirira n'kuika kukhutu. Akatero ankangoti, "Beringi iyi sifika kumapeto kwa mwezi." Nthawi zambiri zinkakhaladi choncho. Nditasiya ntchito, ine ndi mlamu wanga, amene anaphunzira za kompyuta, tinagwirizana zoti khutu la mdala uja tiliike mu kachipangizo. Timamata tisensa pa mota, timajambula mmene ikunjenjemera, ndipo timachenjeza mwini wake makina asanaime.

Kasitomala wathu woyamba anali fakitale ina yaing'ono, kumene tinaika masensa pa mamota 14. Ola lililonse sensa inkajambula masekondi awiri. Patatha miyezi isanu ndi itatu tinali ndi zojambula pafupifupi 80,000, koma maberingi amene anawonongeka anali atatu okha. Tinatenga sabata yomaliza ya beringi iliyonse n'kuilemba kuti "yodwala", zojambula pafupifupi 500. Zotsalazo zonse zinali za makina abwinobwino.

Mlamu ataphunzitsa modelo yoyamba, pulogalamu ya pakompyuta yophunzira kusiyanitsa zojambula zodwala ndi zabwinobwino, inakhoza 99 peresenti. Ndisaname, tsiku limenelo tinasangalala. Koma iye mwini anabwera m'mawa nkhope ili yakugwa. "Alamu," anatero, "ngakhale mwana atamangoyankha kuti zili bwino pa chojambula chilichonse, akhoza 99 pa 100, chifukwa zodwala sizikufika n'komwe chimodzi pa 100." Kuyambira pamenepo tinasiya kuyang'ana nambala imeneyo. Tinayamba kufunsa mafunso awiri: pa zodwala zenizeni modelo yagwira zingati, ndipo ikalira, ndi kangati pamene ikulira pachabe.

Kenako tinachita zimene ambiri amachita. Tinagwiritsa ntchito SMOTE, njira imene imapanga zitsanzo zatsopano potenga ziwiri zodwala zofanana n'kupeka china chapakati pake. Tinasakaniza zojambula zonse, zina zophunzitsira, zina zoyesera, ndipo zotsatira zinaoneka zokongola. Patangopita masabata ochepa, beringi yachinayi inagwira pa mota ya lamba wonyamula katundu, ntchito n'kuima theka la tsiku, modelo yathu ili chete. Bwana wa pafakitalepo sanakalipe, anangondifunsa kuti, "Nanga bambo, tikulipira chiyani?" Funso limenelo linandipweteka, chifukwa linali loona.

Chimene chinalakwika ndicho ndikufuna ndikhalepo pang'ono, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Ife tinkaganiza kuti tili ndi zitsanzo 500 za kuwonongeka. Zoona zake tinali ndi zitatu. Chojambula cha 10 koloko ndi cha 11 koloko pa beringi imodzimodzi ndi mapasa. Tikaika china kophunzitsira china koyesera, ndiye kuti taonetsa mwana mayeso asanalembe. Choipa kwambiri, modelo sinaphunzire matenda, inaphunzira mamota. Imodzi mwa mamota atatu aja inakhala pa chitsulo chogwedera, ndiye inali ndi kanjenjemeredwe kakekake ngakhale ili bwino. Modelo inangoloweza mawu a mota imeneyo. SMOTE nayo sinatipatse beringi yatsopano, inangochulukitsa zitatu zomwe zija.

Mankhwala ake ndi kuyesa modelo pa mota imene sinaionepo. Timachotsa mota imodzi yathunthu, kuphunzitsa ndi zotsalazo, n'kuyesera pa yochotsedwayo, mpaka iliyonse italowa mayeso:

```python
from sklearn.model_selection import LeaveOneGroupOut
for tr, te in LeaveOneGroupOut().split(X, y, groups=motor_id):
    model.fit(X[tr], y[tr])
    pred = model.predict(X[te])
```

Titayesa motere, modelo yathu yokongola ija inagwira beringi imodzi pa zitatu. Zinawawa, koma kameneka kanali koyamba kumva zoona.

Ndiye tinatembenuza funso. Chimene tinali nacho chambiri ndi makina athanzi. Tinasiya kuphunzitsa kompyuta mmene beringi yodwala imamvekera, tinayamba kuiphunzitsa mmene mota iliyonse imamvekera ikakhala bwino, iliyonse payokha, kwa milungu inayi beringi ikangosinthidwa. Ikapatuka pa chizolowezi chake, tidziwe. Maberingi anayi owonongeka aja tinawasunga kuti akhale mayeso okha, osati ophunzitsira.

Koma kupatuka kokha sikokwanira, mota imasintha mawu ngakhale lamba akangolemedwa. Apa ndi pamene umakaniki unathandiza kompyuta. Beringi imakhala ndi mphete ziwiri, yakunja ndi yamkati, ndi timipira pakati pake. Ikakhala ndi kachilonda pa mphete yakunja, kampira kalikonse kakamadutsapo kamagunda, ndipo kuchuluka kwa kugundako kumawerengeka pasadakhale. Mota ya lamba ija inali ndi beringi ya 6205, ya timipira 9, ndipo inkazungulira maulendo 1,440 pa mphindi, kutanthauza 24 pa sekondi. Pa beringi imeneyi chilonda cha mphete yakunja chimagunda pafupifupi ka 3.58 shafti ikazungulira kamodzi, ndiye tiyembekezere kugunda ka 86 pa sekondi. Chikakhala cha mphete yamkati, ndi ka 5.42, pafupifupi 130 pa sekondi. Kugunda kumeneku n'kofooka, kumabisika m'phokoso la makina, choncho timasefa kaye n'kutsala ndi kulira kwa pamwamba kwa chitsulo, kenako n'kuwerenga kuti kulirako kukubwera kangati pa sekondi. Tinabwerera ku zojambula za beringi yachinayi ija, ndipo pa girafu panali nsonga yoonekera pa 86, inanso pa 172, amene ndi 86 kuwirikiza kawiri, kuyambira pafupifupi masabata atatu isanagwire. Chizindikiro chinalipo nthawi yonseyi, ife tinkayang'ana kolakwika.

Panali kenanso kamene kanatizunguza. Magetsi akazima, fakitale imayatsa jenereta, ndipo jeneretayo ikalemedwa mota imatsika liwiro, mwina kufika 1,390. Pamenepo 86 uja amasanduka 83, ndipo tikamayang'ana pa 86 penipeni sitiona kanthu. Tsopano timayamba tapeza liwiro la shafti pa chojambula chilichonse, n'kuchulukitsa ndi 3.58. Sitichenjezanso kasitomala pa chojambula chimodzi. Timadikira zitatu zotsatizana, chifukwa makaniki amene wamudzutsa kawiri pachabe, kachitatu sabwera.

Mlamu anayesanso deta yotchuka ya maberingi ya ku Case Western Reserve University ku America, imene aliyense angathe kuitenga pa intaneti. Inatithandiza kutsimikiza kuti masamu athu ndi olondola, pakuti nayo ili ndi beringi ya 6205. Koma zilonda zake anachita kuboola dala mu labotale, n'zoyera bwino, pamene zathu zimabwera ndi fumbi, girizi wouma ndi lamba womangika mopitirira. Ine sindingagulitse modelo yophunzira pa deta imeneyo yokha.

Malire a njira yathu timawanena poyera tisanasaine ndi munthu. Imamva bwino chilonda cha pamalo amodzi, koma beringi yotha paliponse mofanana, kapena yosowa girizi, sionetsa nsonga yoyera chotero, imangowonjezera phokoso. Sitilonjezanso tsiku limene beringi idzagwire, timangoti yayamba kudwala, konzekerani ina. Ndipo timapempha chinthu chimodzi: beringi iliyonse yochotsedwa asaitaye. Timaitenga, kuidula ndi girayinda, kuona pamene panali chilonda, n'kulemba pa kapepala nambala ya mota ndi tsiku. Mu shopu mwathu muli chitini cha penti chimene timasungamo maberingi amenewa. Pano muli asanu ndi awiri, ndipo modelo iliyonse yatsopano imayenera kuyesedwa pa onsewo, imodziimodzi, isanapite kwa kasitomala.